Chaka Chimene Nkhope ya Atate Inauma

Atate ankaphunzitsa pa sukulu ina ku Chiparamba. Tauni yathu itangosinthidwa dzina kukhala Chipata, dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Akakhala pansi, chala chachikulu chinkapekesana ndi chinzake ngati akusenda khungu la nsawawa. Akagwira choko, kunjenjemerako kunkaleka.

Amayi sankadandaula za dzanjalo. Chinkawapweteka chinali nkhope. Atate anasiya kuseka, ndipo munthu akawalankhula ankangomuyang'ana osaphethira. Kudzuka pampando kunkawatengera nthawi.

"Ngati ndakukwanani, nenani," amayi anatero tsiku lina. "Choko mumagwira bwinobwino, koma ine ndikakuitanani mumakhala ngati chitsa."

"Ndikubwera," anayankha atate ndi mawu apansipansi, koma miyendo sinasunthe.

Zilembo zawo pabolodi zitachepa mpaka ana akumbuyo osaziona, ine mwana wawo wamkazi woyamba ndinawakweza basi, iwo ndi amayi, kupita kuchipatala m'tauni. Dokotala anawayendetsa atate m'khonde, n'kuwapinda mkono. Kenako analankhula m'Chingelezi, ine ndikumasulira amayi.

Anati mkatikati mwa ubongo muli kachigawo kakuda komwe maselo ake amapanga mankhwala otchedwa dopamini. Mankhwalawo amapita ku mbali imene imamasula thupi kuti liyambe kuyenda. Mwa atate maselo ambiri anali atafa kale, ndiye thupi linali ngati njinga yogwira buleki: munthu akufuna kupita, koma chilichonse chikuchedwa, ngakhale minofu ya kumaso. Za kunjenjemera anati dopamini akachepa, mauthenga a mu ubongo amayamba kugunda pamodzi mobwerezabwereza, ndipo dzanja likakhala chete limatsatira kugundako. Likapatsidwa ntchito, limayamba ladekha.

Amayi anafunsa funso limodzi. "Ndiye kuti sanandikwiyire?"

Dokotala anapukusa mutu, nati ndi matenda chabe. Amayi anaphimba kumaso ndi chitenje.

"Nanga maselowo adzamera?" anafunsa atate okha.

"Ayi, aphunzitsi. Sabwerera."

Anatiuza kuti kunja kwatuluka mankhwala atsopano amene ubongo umawasandutsa dopamini, koma kwathu anali asanafike. Anatipatsa mapilitsi akale. Kunjenjemera kunachepako, m'kamwa mukuuma, koma kuchedwa kuja kunangopitirira.

Chaka chotsatira atate anasiya ntchito, tinatuluka m'nyumba ya sukulu n'kubwerera kumudzi. Amayi sanawakalipirenso. Ankawamanga mabatani a malaya, ndipo atate akauma pakhomo, amayi ankawomba m'manja pang'onopang'ono mpaka phazi litanyamuka. Anthu odutsa ankayesa akuwasangalatsa.

Mankhwala atsopano aja tinawapeza patapita zaka. Anawathandiza kwa kanthawi, moti anayenda okha kukaona munda wa chimanga. Koma maselo ankaferabe. Mvula yawo yomaliza anaigonera pamphasa, amayi akuwamwetsa phala ndi supuni, chifukwa ngakhale kumeza kunali kutayamba kuwavuta.