Nyimbo yolowera akwati

Amuna anga anaphunzira gitala pafoni, akudikira anthu okwera njinga yawo pamsika wa ku Mandimba. Ankatsatira tabulatura: mizere isanu ndi umodzi yoimira nsambo za gitala, ndi manambala osonyeza poponda chala. Ine manotsi a nyimbo ndinaphunzirira m'kwaya ku Cuamba, ndipo manambala awowo ndinkawaderera. Koma kunena zoona, nyimbo imene anaimvapo pawailesi ankaigwira tsiku lomwelo, ine ndikadali kuwerenga mizere ya manotsi.

Mwana wathu wamkazi akukwatiwa, anasankha nyimbo yolowera m'tchalitchi imene bambo ake anali asanaimvepo. Ine ndinali ndi manotsi ake, koma iwo anakana thandizo. Mwanayo anawapezera tabulatura ya manambala okhaokha, yosanena kuti liwu lililonse litalike bwanji.

Tsiku loyeserera masitepe, zala zawo sizinaphonye paliponse, koma nyimbo inathamanga ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse. Operekeza akwati, amene amayenera kuyenda monyadira, pang'onopang'ono, anangopondana zidendene. Ndinapsa mtima.

"Bambo, mukufuna mwanayu achoke pakhomo chothamanga?"

Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandisendezera mpando.

"Khalani apa, mayi. Poponda ndikupadziwa. Inu mundiuze poima."

Ndinatsegula manotsi, n'kumaomba m'manja ndikung'ung'udza nyimboyo, iwo akutsatira. Titafika pa liwu lalitali lomalizira, analisiya lilire mpaka linazilala lokha, maso ali pa mwana wawo.

"Apa pokha," anatero, "musandifulumizitse."