Achemwali ndi Chimbudzi cha Eni

Achemwali anga ndi telala. Akhala pa makina zaka makumi atatu m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsalu, ndipo makasitomala amawatcha Mayi Singano. Ndi munthu waukhondo woopsa. Tsiku lawo silisintha: kudzuka, kupemphera, tiyi wotentha, kuchimbudzi, kusamba, kenako ulendo wapansi wa kuntchito. Chimbudzi chawo chili ndi loko, ndipo kiyi wake amamangirira pachingwe cha sizasi. Cha eni salowamo. Ngakhale akabwera kwathu amapirira mpaka akafike kwawo, ine mng'ono wawo wa bere limodzi.

Mwana ali naye mmodzi yekha, wamwamuna. Bambo wake adachoka iye ali ndi zaka zinayi, ndipo makina aja ndiwo adamudyetsa ndi kumuphunzitsa mpaka adapeza ntchito kumzinda wakutali, ulendo wa masiku awiri pabasi. Kumeneko ndiko adapeza mbeta. Achemwali adasoka diresi loti akavale paukwatiwo miyezi iwiri, akusokolola ndi kusokanso.

"Zamphatso ndi zovina ndilibe nazo ntchito," adatero. "Ndikufuna ndikamve ndi makutu anga mwana wanga akulonjeza pamaso pa Mulungu. Zomwe bambo wake sadathe."

Ukwati udali Loweruka, ife tidanyamuka Lolemba. Lamulungu masana ndidawapeza akulongedza, nditawapatsa madzi adakana.

"Kuyambira pano sindimwa kanthu. Ukufuna ndizikapempha dalaivala kuti aime ngati mwana wa sukulu?"

Kamba wawo adali buledi woyera ndi mabisiketi. Malalanje amene ndidagula adawabweza m'chikwama changa, ati zipatso zimatsegula m'mimba.

Basi idanyamuka mbandakucha, nthawi ya tiyi wawo isanakwane. Dzuwa litakwera ndidawaona akufinya nkhope ndi kusinthasintha makhalidwe pampando. Titaima pasiteji yoyamba ndidati titsike. Adatsika, adasuzumira pakhomo la chimbudzi cha pamenepo, adabwerera mphuno ali chigwirire.

"Umo ngakhale galu wanga sindingamulowetsemo."

"Ndili ndi pepala ndi sopo, achemwali. N'kanthawi kochepa."

"Zasiya zokha," adatero monyadira, ngati apambana mlandu.

Pamasiteji ena onse sadatsikenso koma kawiri, kukataya madzi ochepa. Anzathu ankatambasula miyendo, iwo ali pampando, chikwama cha diresi pamiyendo. Masiku awiri adangonyowetsa milomo ndi theka la botolo.

Tidafika Lachiwiri madzulo kwa mayi a mkwatibwi, amene achemwali ankawatcha asewere monga mwa ulemu wake. Asewerewo ndi mayi wa geni, wa mawu aakulu, amene amakwera basi sabata iliyonse kukapikula katundu. Adatilandira bwino, adatipatsa chipinda chawo chomwe. Koma chimbudzi cha nyumbayo chili m'kati, khomo lake loyang'anana ndi pabalaza, ndipo loko wake adali wothyoka. Munthu umatchinga chitseko ndi phazi. Pabalazapo pankakhala anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo: azakhali, amalume, oimba, ophika.

Lachitatu atamwa tiyi, achemwali adaimirira, adafika pakhomo paja, adaona amalume a mkwatibwi akhala mita imodzi kuchokera pachitseko, nyuzipepala ili m'manja. Adawapatsa moni, n'kubwerera.

"Andimve akuchikazi? Ine?" adandinong'oneza. "Bola kufa."

Kuyambira pamenepo adayamba kukana chakudya. Masamba ayi, nyemba ayi, zipatso ayi. Ankati chikapanda kulowa palibe chofuna kutuluka. Ankangotafuna mabisiketi awo kuchipinda. Pofika Lachinayi mimba idali itauma ngati ng'oma, mutu ukuwawa, mkwiyo uli pamphuno. Adakalipira ine chifukwa chopuma mokweza. Adakalipira mwana wawo chifukwa cha kolala ya malaya, mpaka mnyamatayo adandikokera pambali.

"Amayi aang'ono, kodi mayi sakufuna ukwatiwu?"

Lachisanu m'mawa asewere adalowa kuchipinda ndi mbale m'manja, nkhope itachita mdima. Adaiika patebulo mwamphamvu.

"Asewere, tiuzane zoona. Chakudya changa chikununkha? Kapena ndi mwana wanga amene sakukukwanirani? Masiku atatu mbale zikubwerera momwe zapitira. Abale anga ayamba kundifunsa ngati mukuopa kuti ndikuthirirani mankhwala."

Ine ndidaona kuti nkhani ikupita koipa, ndipo ndidalankhula.

"Mayi, si chakudya chanu. Adzimbidwa. Chichokereni kwathu sadapite kuchimbudzi."

Diso limene adandiponyera achemwali sindidzaliiwala. Asewere adakhala pabedi, adawomba m'manja kamodzi.

"Nkhani yake ndi imeneyi? Ine n'kumasowa tulo kuti ndalakwa chiyani? Mayi, inetu msewu ndi kwathu. Ndidavutikapo nazo ndili mtsikana, mpaka ndidaphunzira. Botolo la madzi silichoka m'manja, ndimamwa pang'onopang'ono njira yonse. Basi ikaima ndimatsika, ndifune ndisafune, ndizungulire kawiri. M'chikwama muli zipatso, pepala ndi sopo. Ndipo mimba ikagogoda ndimayankha pomwepo, chimbudzi chikhale chokongola kapena chonyansa, chifukwa ukaikaniza imasiya kugogoda. Tsopano imwani madzi ofunda, idyani papaya, tiyende mpaka kumsika. Tikabwera ndithamangitsa onse pabalaza, wailesi ndikweza. Zikakana, tipite kogula mankhwala lero lomwe, mumwe pogona, m'mawa mwapepuka."

"Zikomo," adatero achemwali, mawu ali ozizira. "Ndilibe vuto. Mng'ono wangayu chimwalirireni mwamuna wake amangolankhula zilizonse."

Asewere adatola mbale yawo n'kutuluka. Ine ndidatuluka pambuyo pawo, ndidakakhala kuseri kwa nyumba pafupi ndi mpopi. Ndidayesa kupemphera, mawu adakana. Mwamuna wanga adalowa bwanji m'nkhani ya chimbudzi? Tsiku lonselo sitidalankhulane.

Loweruka m'mawa nyumba idali piringupiringu. Mwambo wa kutchalitchi udali wa naini koloko. Achemwali adavala diresi lawo, zipi adakana kukwera. Adakoka, adapuma, adakokanso. Kenako adapinda msana, manja pamimba, thukuta lili kamukamu. Pamenepo mpomwe adalowa m'chimbudzi chija, popeza anthu onse adali panja pa magalimoto. Adakhalamo theka la ola. Ndinkamva akubuula, ine nditagwira chitseko. Adatuluka zitakanika, milomo itayera, osatha kuwongoka.

Asewere adawayang'ana kamodzi. Adaitana mchimwene wawo wa galimoto.

"Kawatule kuchipatala chapafupi, ubwere msanga. Abusa ali ndi maukwati atatu lero, sadikira munthu."

Kuchipatala tidapeza mzere, ndipo amene adali patsogolo pathu adali odwala kuposa ife. Tidalowa koloko itadutsa naini. Namwino adali mayi wamsinkhu wathu, wotopa, wa nsapato zakutha. Adafunsa ngati akusanza, ngati mpweya ukutuluka, ngati aona magazi, ngati akutentha thupi. Adawagoneka n'kuwasindikiza pamimba mbali zonse.

"Mukadati mukusanza, kapena mpweya sukutuluka, kapena mwaona magazi, bwenzi ndikuitana adokotala tsopano lino, chifukwa zimenezo si zosewera. Izi n'chimbudzi chouma basi. Masiku angati?"

"Asanu ndi limodzi," ndidayankha ine.

"Madzi?"

Ndidafotokoza zonse, kuyambira Lamulungu.

Namwino adavula magalasi. "Mayi, inu ndinu munthu wamkulu. Matumbo ntchito yake n'kuyamwa madzi m'zotsalira za chakudya. Zikakhalitsa m'menemo amangoyamwabe, mpaka zimauma ngati miyala. Inu madzi mwawamana, ndiye thupi lakatenga komweko. Mwakhala pampando masiku awiri, matumbo nawo achita ulesi. Buledi woyera ndi mabisiketi alibe choti chikankhe. Nthawi imene thupi lidazolowera mwaiphonya. Likukuitanani, inu mukukana. Mumati zitani? Ukafika kwa eni, umadya m'mawa, n'kukakhala pachimbudzi nthawi yako yomwe ija, mapazi pakampando, osadzikakamiza. Kukankha mwamphamvu kumene mwachitaku kumangotupitsa mitsempha ya kumusi."

"Mwana wanga akukwatira," adatero achemwali. "Ndipatseni mapilisi ndizipita."

"Mapilisi amagwira patapita maola ambiri. Adali a dzulo amenewo. Lero ndi mankhwala olowetsa kumusi, ndipo muyembekezera pompano mpaka agwire."

"Kumusi? Ine?"

"Inuyo. Kapena pitani momwemo, mukagwe pakati pa tchalitchi."

Adavomera. Chimbudzi cha pachipatalapo chidali cha onse, cha matailosi osweka, khomo lake loyang'anana ndi benchi ya odwala. Adalowa osasuzumira. Ine ndidaima panja ndi chikwama chawo, ndikuyang'ana koloko ya pakhoma. Ndivomere, ndidakwiya kuposa mmene mkhristu ayenera kukwiyira. Mnyamata uja ndidamubereka kumsana achemwali ali pa makina. Nanenso ndidabwera kudzamva lonjezo lake.

Adatuluka itakwana teni ndi theka, atapepuka. Namwino adawamwetsa makapu awiri a madzi ataimirira pomwepo. Zipi adakwera. Tidapeza takisi, ndipo njira yonse ankakalipira dalaivala kuti akuyenda ngati wanyamula mazira, kenako adatembenukira kwa ine.

"Ukadandikakamiza dzulo."

"Achemwali," ndidatero, "lero lokha khalani chete."

Titafika, makomo a tchalitchi adali otsegula, anthu akutsika masitepe, ndipo alendo a ukwati wachiwiri adali atayamba kale kulowa. Mwana wawo adatiwona, adasiya wojambula n'kubwera, mkazi wake ali chigwirire dzanja.

"Mayi, muli bwanji? Ndidapempha abusa adikire. Adadikira mphindi khumi."

Achemwali adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Walonjeza?"

"Ndalonjeza, mayi."

"Mokweza? Anthu amva?"

"Amva onse," adayankha asewere kumbuyo kwathu. "Mpando wanu udali patsogolo penipeni. Sindidalole wina aliyense akhalepo."

Wojambula adatiitana kuti tiime pamasitepe mwachangu, chifukwa mkwatibwi wina adali atafika pageti.