A Jafali ndi Kompyuta ya Pafamu

Apongozi anga a Jafali analemba mayina a antchito pafamu ya fodya ku Tengwe, kutali ndi kwawo ku Malawi, zaka makumi awiri. Mu 1996 manijala anabweretsa kompyuta, anthu n'kukana kulembedwamo. Anafotokoza ubwino wake, koma sanafunse chimene tinkaopa. Anaphunzitsa apongozi kaye kuti anyengerere anzawo, poti onse ankawamvera. Miyezi itatu buku ndi kompyuta zinayendera limodzi, malo a nambala ya chitupa akungowadumpha.

Tsiku lotseka buku ndinali pamzere, mwana kumsana. Manijala anati wopanda nambala satsalamo.

"Mudhara, yanu ili kuti?" manijalayo anafunsa apongozi, powatchula kuti madala m'chinenero cha kuno.

"Ndilibe, bwana. Kuchokera ku Malawi ndinabwera wapansi."

Tsopano apongozi amadikira ganyu pageti, ndipo anzawo amene anawakhulupirira, n'kuchotsedwanso ntchito posowa zitupa, sawapatsanso moni.