Diresi la mabatani asanu ndi limodzi

Felista ndi mwana wa a Alufeyo Namakhwa ndi a Tikhala a kwa Kadewere. Iye naye ana ake ndi atatu: Edwin, Tracy ndi Jonathan, ndipo zidzukulu zilipo zisanu, zonse zodziwa kupereka moni ndi manja awiri. Ntchito yake ndi utelala. Amasokera pakhonde pa nyumba yake, ndipo mayunifomu a theka la ana a sukulu a m'deralo anadutsa m'manja mwake.

Chinthu chimodzi chokha ndicho Felista anakula alibe: nkhope ya amayi ake. A Tikhala anamwalira mu 1971, iye ali ndi zaka ziwiri, abambo ake ali ku migodi ku Joni. Atabwerako a Alufeyo anasudzulidwa monga mwa mwambo, nabwerera kwawo kwa Nchema komwe anakwatiranso. Mwana anatsala kuchikazi, m'manja mwa amayi ake aakulu, a Margret. Anamulera ndi dzanja lolimba, ndipo makina osokera anaphunzirira pa a mwamuna wawo. Akafunsa kuti mayi ankaoneka bwanji, yankho linali limodzi: “Ngati ine, koma wamng'ono.” Nkhani imathera pomwepo.

Mvula ya Freddy itagwetsa khoma la nyumba yakale ya malemu a Alufeyo kwa Nchema, ana a kumeneko anapeza bokosi lachitsulo lija anthu ankabwera nalo ku Joni. Munali malamba, zikalata zodyeka ndi chithunzi chimodzi. Anachitumiza kwa Felista poti nkhopeyo sinali ya kwawo.

Chinali chithunzi chaching'ono, chosaposa chikhatho, chakuda ndi choyera. Mayi wachitsikana anaima kutsogolo kwa nyumba, atanyamula mwana. Madzi anali atalowa pakona, n'kudya mbali ya nkhope kuyambira pachipumi mpaka patsaya. Panatsala diso limodzi, mphuno ndi pakamwa. Felista anakhala pansi pomwepo, makina akadali ndi nsalu kukamwa. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu.

Woyamba kumuonetsa anali atsibweni ake, a Mateyo, mchimwene wa amayi awiriwo. Anapukuta magalasi, nachitalikitsa, nachiyandikitsa.

“Uyu ndi Margret,” anatero.

“Mwaona nkhope, atsibweni?”

“Nkhope ya chiyani? Taona diresi. Kolala yoyera, mabatani akuluakulu. Anamusokera mwamuna wake ndi nsalu ya ku Limbe. Mudzi wonse unkalidziwa. Akalowa nalo m'tchalitchi ngakhale akwaya ankasokoneza nyimbo.”

“Nanga nyumbayi?”

“Ya Margret yomweyo. Kunalinso ina ya malata kuno nthawi imeneyo? Suona mwendo wa makina pakhondepo? Ya mayi ako inali ya udzu, chitseko cha bango.”

Felista anatembenuza chithunzicho. Kumbuyo kunali mawu a inki yabuluu: “Kwa A. Namakhwa. Taonani mmene wakulira. Disembala 1970.” Zilembo zake zinali zopendekera kumbuyo, zodinikiza mpaka kutulukira mbali inayo. Sanafunikire kuuzidwa. Analowa m'nyumba n'kutenga buku lake la mapemphero, lomwe a Margret anamulembera dzina tsiku lomwe anayamba kulandira ukaristia. Anaika ziwirizo pamodzi. Dzanja linali limodzi.

“Basi waona,” anatero a Mateyo. “Diresi lake, nyumba yake, dzanja lake. Ukufunanso chiyani, chidindo cha boma?”

Munthu wina akanasiyira pomwepo. Koma ana a mbumba imeneyi sasiya chinthu chili theka. Felista anafunsa funso lomwe a Mateyo sanaliganize: mwanayo ndi ndani? Woyamba wa a Margret, Stewart, kadi yake ya ubatizo imati 1973. Mu Disembala 1970 a Margret analibe mwana. Kadi ya Felista imati Ogasiti 1969, ndipo mwana wa pachithunzipo anali wa msinkhu woyamba kuyenda, miyendo ikulendewera m'chiuno mwa womunyamulayo.

“Ndiye kuti mwanayu ndine,” anatero.

“Ndiwe, inde. Koma wakunyamula ndi Margret. Ine nthawi imeneyo ndinali kuthyola tiyi ku Thyolo, sindinaone. Koma diresi silinama.”

Loweruka linalo Tracy anabwera kuchokera ku Limbe komwe amagulitsa m'sitolo. Chithunzicho anachitengera panja powala, nachijambula ndi foni, n'kuyamba kuchikulitsa ndi zala. Ankafuna nkhope, koma ikakula imangosanduka utsi.

“Siya nkhopeyo,” anatero Felista. “Tsika pamapewa.”

“Mayi, inunso mpaka pano mukuona zosoka?”

“Tsika, ndati.”

Felista anayang'ana nthawi yaitali. Msoko wa paphewa sunakhale paphewa, unatsikira pamkono. M'chiuno, chakumanzere, nsalu inasonkhana ngati yatsinidwa kumbuyo. Mpendero wapansi unali wokhuthala, wopindidwa kawiri, ndipo sunali wowongoka. Felista ankawadziwa manja a mwamuna wa a Margret, poti ndi amene anamuphunzitsa. Bambo amene uja akanalola kufa ndi njala kusiyana n'kuti mkazi wake atuluke ndi diresi logwa mapewa.

“Diresi ili si la amene walivalayu,” anatero. “N'lobwereka.”

Ananena motsitsa, ngati akuopa kuti mayi wa pachithunzipo amva.

Otsala oti n'kufunsa anali a Margret eniake. Ali moyo, akukhala kwa Stewart ku Mikolongwe, koma maso anachita ng'ala ndipo amangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Felista anali asanapiteko zaka ziwiri. Sanayambane, koma pakati pawo panali kuuma kuja kwa anthu amene sanazolowere kuuzana mawu ofewa. Ananyamuka ndi Tracy, ndipo m'njira anamuuza kuti atseke pakamwa. Munthu wamkulu ukamuuza zomwe ukufuna kumva, amakupatsa zomwezo kuti akusangalatse. Anafuna kuti a Margret anene okha.

Anawapeza pamkeka akutongola chimanga.

“Ndani ameneyo? Mayendedwe ngati a Felista.”

“Ndine, mayi.”

“Ndimayesa unasamukira ku Joni nawenso.”

Atalonjerana, Felista anafunsa ngati akulikumbukira diresi la kolala yoyera.

“La mabatani sikisi? Ungandifunse limenelo? Akazi a kwa Kadewere amene anajambulitsa nalo ndi ambiri kuposa amene anakwatitsa mwaulemu. Wojambula ankabwera pa njinga mwezi ukatha. Aliyense wofuna kutumiza chithunzi kwa mwamuna wake ku Joni, m'mawa uli pakhomo panga. Diresi, nsapato, ndi khonde langa lomwe. Mwamuna aone kuti ndalama zake zikugwira ntchito. Kenaka ndiwalemberenso kumbuyo, poti sukulu anaiona ndani?”

Tracy anafuna kuyankhula, amayi ake anamutsina.

“Bokosi la ababa lapezeka, mayi. Muli chithunzi. Munthu wavala diresi lanu, wanyamula mwana.”

A Margret anasiya chimanga. Nkhuku inabwera kudzatola m'lichero, iwo osaiingitsa.

“Dzanja lake lamanzere ukuliona?”

Felista anayang'ana. Anali atachiyang'ana chithunzichi masabata atatu, koma izi sanazione. Dzanja lamanja linagwira mwana kumsana. Lamanzere linalowa pansi pa kansalu ka mwanayo, mpaka pachigongono.

“Sindikuliona. Labisika.”

“Anapsa ndi phala ali wamng'ono, zala ziwiri zinagwirana. Ankati Alufeyo akaonetsa anzake kumgodi, asaone dzanjalo. Ndinamuuza kuti mwamunayo anakukwatira nalo lomwelo, sanamve. Ndipo diresilo ndinalimanga ndi mapini atatu kumbuyo, mpendero ndinaupinda ndekha ndi ulusi woyera. Kanali kamunthu kochepa, Tikhala.”

Felista sanalire nthawi yomweyo. Anangoyang'ana diso limodzi lija, ndi pakamwa paja potsekedwa mwamphamvu ngati munthu akudziletsa kuseka. Anali atapaona kale pakamwa pamenepo. Mdzukulu wake wamkazi, mwana wa Edwin, amatero akamuuza kuti aime bwino. Zaka zonsezi nkhope ya amayi ake inkadya naye mbale imodzi, iye osadziwa.

“Mwanayo sakuyang'ana wojambula, eti?” anafunsanso a Margret.

“Ayi. Akuyang'ana cham'mbali.”

“Unkalira iwe, kukamwa ngati chitseko. Wojambula anati filimu yake si yotaya. Ndiye ndinaima pambali pake, dzuwa lili kumsana kwathu, ndikugwedeza makiyi a makina m'mwamba. Unangoti zii.”

Tracy anakulitsa pansi pa chithunzi, pakona yomwe madzi sanafike. Pa dothi, pafupi ndi nsapato za a Tikhala, panagona mithunzi iwiri. Wina wa munthu wowerama. Winawo wa munthu wamtali, mkono uli m'mwamba.

“Agogo, mulipo,” anatero Tracy. “Mthunzi wanu ulipo. Mkono uli m'mwamba.”

“Usandinamize, iwe.”

“Zoona, mayi,” anatero Felista. “Tilipo tonse atatu.”

Anatenga chala cha a Margret n'kuchiyendetsa pachithunzipo: apa pali Tikhala, apa pali ine, apa pali inu. Gogoyo anasiya chala chake pamenepo nthawi yaitali.

Kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, mawu n'kubwerera mwakale.

“Ndiye poti wadzibweretsa wekha, imva. Diresi lija silinabwerenso. Atamwalira mayi ako, m'nyumba mwake munalibe chovala choti munthu n'kupita nacho. Ndinamuveka lomwelo, mapini omwewo. Anabwereka, sanabweze. Mwana wake ndiwe, telalanso ndiwe. Ndikapita ndivala chiyani?”

“Musayankhule choncho, mayi.”

“Ndayankhula kale. Kolala yoyera, mabatani sikisi. Ndipo mapewa akhale pamapewa.”

Felista anawayeza tsiku lomwelo ndi chingwe, poti tepi anaisiya kunyumba, n'kumanga mfundo pa muyeso uliwonse. Apo ndi pomwe anazindikira kuti a Margret anachepa. Mapewa aja anagwetsa diresi pa a Tikhala tsopano ndi ang'ono kuposa ake.

A Mateyo atamva anangoti, “Ine ndinanena kuti diresi ndi la Margret. Ndinanama pati?”

Chithunzicho chili m'galasi tsopano, pamwamba pa makina, ndipo mdzukulu aliyense amadziwa kuloza agogo ake aakulu ndi kutchula dzina lawo. Nsalu Felista anagula, anadula, kolala anasoka. Koma mabatani akuluakulu ngati aja sakupezeka. Tracy wazungulira Limbe yense, akubwera ndi apulasitiki opepuka, ndipo Felista akuwabweza. Ena amati vuto ndi mabatanidi. Ena amati akuopa kuti akalimaliza, mwiniwake alivala.

A Margret amatumiza uthenga mwezi uliwonse kudzera kwa Stewart. Safunsa za moyo, safunsa za mvula. Amangoti mukamuuze mwana wa Tikhala kuti diresi langa ndikulidikira.