Mawu Asanu ndi Limodzi pa Foni ya Mpongozi

Ndinali kusenda mtedza pakhonde kwathu ku Mkaika, m'boma la Katete, pamene aneba anga, amayi achikulire a mumpingo mwathu, anafika akuthamanga, mpongozi wawo ali pambuyo ndi foni m'manja. Mwana wa amayiwo ankayendetsa thiraki yopita ku Mozambique, ndipo foni yake inali itazima masiku awiri.

"Aphunzitsi, tiwerengereni. Akuti wafa."

Pafonipo panali mutu wa nkhani wokha: Katete driver feared dead in ambush. Nkhani yeniyeni sinkatseguka, netiweki yathu mukuidziwa. Mpongoziyo anangotolapo mawu oti Katete, dalaivala ndi kufa, basi n'kuuza anthu. Kwawoko achibale anali atayamba kale kutulutsa mipando m'nyumba. Kwathu kuno mayi akangotsegula pakamwa kulira, maliro ayambika, simungawabwezenso.

Ndinachita mantha kwambiri, sindinama. Ndaphunzitsa Chizungu zaka zambiri, koma tsikulo ndinalakalaka ndikanakhala wosaphunzira.

Ndinatenga pensulo ndi chikuto cha kope. Anthu a nyuzi amadula mawu ngati akulipira chilembo chilichonse, ndiye usanamasulire uyenera kuyamba wabwezera zimene anachotsazo. Ndinalemba m'Chizungu momwemo: A driver from Katete is feared to be dead. Kenaka ndinadzifunsa mokweza. Dalaivala uti? Sanamutchule, ndi mmodzi mwa ambiri. Akuopa ndani? Sananene. Wafa? Ayi, akumuopera kuti mwina wafa, kusonyeza kuti palibe amene watsimikiza.

"Mukulemba chiyani kodi?" anandikalipira amayiwo. "Ino ndi nthawi ya mayeso?"

"Dikirani, amayi!" Nanenso ndinakalipa, chifukwa ndikachita mantha ndimapsa mtima msanga.

Ndiye ndinawauza pang'onopang'ono: "Dalaivala wina wa ku Katete anamubisalira achiwembu panjira. Anthu ali ndi nkhawa kuti mwina wamwalira, koma sizinatsimikizike."

Amayiwo anandifunsa:

"Ndiye ndilire kapena ndisalire?"

Mayo ine! Funso limenelo silinali pafoni paja. Ndikati asalire koma mwanayo atapita, ndidzawayang'ana bwanji kutchalitchi?

"Mawuwa sakukulolani kulira," ndinatero. "Ndi zokhazo zimene ndikudziwa."

Anapita kukauza achibale abweze mipando. Masiku atatu anakhala pansi pa mtengo wa mango, maso kumsewu, ndipo ine ndinkazungulira kuseri kwa nkhokwe kuti tisakumane.

Lachinayi masana inafika galimoto ya kampani imene mwanayo ankagwirako ntchito, bokosi lili kumbuyo.

Pamaliropo ndinakhala kutali, pakati pa amayi a chigwirizano cha mumpingo, nditaweramitsa mutu. Amayi aja anatuma munthu kudzandiitana. Ndinalowa m'nyumba mogwada, ndikudikira kuti anditukwane. Anangondigwira dzanja, mawu atasasa.

"Aphunzitsi, masiku atatu amene munandipatsa aja, mwana wanga anali moyo. Ndinkadya."