Dontho Lomaliza la Bambo Dontho

Pakampani ya madzi panalibe amene ankakumbuka kuti dzina loti Dontho linayamba liti. Ena ankati linachokera pa mawu awo omwe, poti mkuluyu sankatha tsiku osanena kuti dontho limodzi limaononga botolo lonse. Anali munthu wa m'labu, kachipinda koyezeramo madzi ka kuseri kwa matanki komwe anthu ankafikako pokhapokha ngati asochera. Akazi awo anatsogola kale, ana anamwazikana, ndipo kunyumba chimene chinkawalonjera chinali chitseko. Labuyo ndiye inali kwawo kwenikweni.

Zaka zonsezo ankagwira ntchito ndi mnzawo amene ankatchulana naye kuti alamu, ngakhale panalibe mlongo wa wina amene anakwatiwa ndi mnzake. Alamuwo anali olongolola, a mawondo olira ngati chitseko chakale. Awiriwa anali ndi kachitidwe kawo. Akamapanga sitandadi, madzi amene mphamvu yake imadziwika ndendende ndipo amayezera mankhwala ena onse a m'labu, a Dontho ndiwo ankadontheza, alamu n'kugwada maso ali pamzere, ndipo zikakwana alamuwo ankangoti, "Basi." Mwambowu sunalembedwe paliponse. Kale nthawi zina ankasinthana, koma zaka zomalizazi alamu ndiwo ankaumirira kugwada nthawi zonse, uku akudandaula mawondo, ndipo a Dontho ankawaseka kuti amakonda kulamula.

Alamu atapuma pantchito n'kupita kukakhala kwa mwana wawo kutali, labu inangoti zii. Abwana a pamwamba analonjeza munthu wina, koma malonjezo a pamwamba mukuwadziwa, amayenda pang'onopang'ono ngati akudwala. Ndiye asidi watsopano anafika, ndipo asanayambe kuyezera madzi a m'tauni ankafunika kumuyeza kaye mphamvu ndi sitandadi ya soda. A Dontho anayenera kuipanga okha.

Manja awo ankaidziwa ntchito, zimenezo musakayike. Ufa wa soda anauumitsa mu uvuni, nauziziritsa m'mbale yotseka kuti usamwe chinyontho. Anauyeza pasikelo ya m'kabokosi ka galasi, atatseka titseko take, chifukwa sikelo imeneyo imamva ngakhale mpweya wa munthu. Manambala ake ndi aakulu ndipo amawala, choncho anawawerenga bwinobwino. Anathira ufawo m'kapu ya galasi yotchedwa bika, natsukuluzira momwemo kambale koyezera, nausungunula ndi madzi oyeretsedwa mpaka osatsala kambewu ndi kamodzi komwe. Kenako anautsanulira mufulasiki, botolo lagalasi la khosi lalitali, kudzera pafanelo, madziwo akutsetsereka pakandodo ka galasi. Anatsukuluza bika, kandodo ndi fanelo mobwerezabwereza, zotsukuluzazo zonse zikupita mufulasiki, pakuti soda wotsalira pabika ndi soda wobedwa. Anathira madzi ena, nazunguza, nawonjezeranso mpaka kutsala chala chimodzi kuti afike pamzere wa pakhosi.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Madzi m'khosi lopapatiza sakhala lathyathyathya, amakwera m'mbali n'kutsika pakati. M'mabuku amati menisikasi, koma alamu ankangoti kamimba. Pansi pa kamimbako ndi pamene payenera kukhudza mzere, diso lili pamlingo womwewo, osati kusuzumira uli chiimire. A Dontho anagwada, naika kapepala koyera kuseri kwa khosi, natenga kodonthezera.

Mzere sanauone. Anaupeza ndi chikhadabo, poti ndi wozokota pagalasi, koma kamimba kanali chimbuuzi chokhachokha, ngati pagalasi pauzidwa mpweya. Anapukuta fulasiki, anapukuta magalasi a m'maso, anasuntha kuyandikira zenera. Ayi ndithu. Chifunga chimenechi anali atakhala nacho kwa nthawi, ndipo ankachinamizira nyali, fumbi, ngakhale ogulitsa magalasi. Kuchitchula dzina lake sankafuna, chifukwa ankadziwa kumene nkhani zotere zimathera: kwa dokotala wa kampani, kenako mwina kunyumba kuja, kukakhala ndi chitseko tsiku lonse. Anachita mantha, mantha enieni a munthu wamkulu amene alibe womuuza.

Anadontheza. Anadikira mawu aja, koma munalibe wowanena. Anadonthezanso, nadonthezanso, mpaka mtima unawauza kuti mwina tsopano zayandikira.

Pakhomo panadutsa mayi osesa, munthu wachikulire amene kwa zaka zonsezi ankangopatsana naye moni. A Dontho anawaitana, nawapempha kuti aike kaye mopu. Anawagwaditsa, nawaonetsa mzere ndi chikhadabo, nawafotokozera za kamimba, n'kuwauza kuti aziti basi madzi akafika.

Mayiwo anayang'ana, kenako anayang'ana a Dontho.

"Bambo, madziwa apitirira kalekale. Mzere uli pansi apa."

Atawaona nkhope, mayiwo anawamvera chisoni, nafunsa ngati sangangopungulako pang'ono. Abale, ndi mtima wabwino umenewo, ndipo kunena zoona ganizo lomwelo linali litawafikira kale a Dontho. Ndani akanadziwa? Madzi a soda saoneka kuti achepa mphamvu. Koma opungulawo amatuluka ndi soda yemwe, ndipo palibe angadziwe kuti watuluka wochuluka bwanji. Sitandadi yabodza ikanamiza asidi, asidi amanamiza muyezo uliwonse wa madzi, ndipo bodzalo limayenda miyezi osagwidwa. Anawathokoza mayiwo, natsanulira zonse musinki, mpopi uli chitsegulire.

Nthawi ya nkhomaliro anakhala pampando wa alamu, nawaimbira foni. Anayamba ndi za mawondo, za adzukulu, za kutentha, kuzungulira ngati mlendo wofuna kupempha malo ogona. Pomaliza anangonena kuti lero madzi apitirira mzere iwo osaona.

Kumbali inayo alamu anayankha ndi mawu otsika, zomwe sizinali khalidwe lawo.

"Alamu, inu mumayesa ndinkagwadiranji ndi mawondo angawa? Ndinaona kale. Ndinkati ndikuuzeni ndisanachoke, koma pakamwa panandilemera."

A Dontho anafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. Anakumbukira masiku onse amene anamuseka munthuyo akugwira tebulo kuti adzuke, ndipo chimene chinawapweteka ndi chakuti amene akanamupepesa bwinobwino, maso ndi maso, anali kutali. Alamu anapitiriza kulongolola kuti ng'ala masiku ano amachotsa, kuti wakutiwakuti anamuchotsa ndipo akuwerenga, koma a Dontho ankangomva theka.

Masana anayambiranso. Anatsuka fulasiki, nayeza ufa wina, nausungunula, natsukuluza bika, kandodo ndi fanelo monga mwa masiku onse, mwina mosamala kuposa masiku onse. Anazunguza, nathira madzi, chikhadabo chili pamzere, ndipo analekeza akadali patali pansi pake, pamene ngakhale chifunga sichikanawanamiza. Sitandadi ikalekezedwa pamenepo siinaonongeke, imangodikira diso loti liimalize, kenako atseke n'kuitembenuza kambirimbiri kuti isakanikirane. Anaika chotsekera, naika kodonthezera pambali pake pakapepala koyera kaja.

Anavula jasi lawo loyera, nalipachika pamsomali woyandikana ndi wa alamu, womwe unali wopanda kanthu. Masitepe opita kwa abwana anawakwera atagwira khoma. Atagogoda, abwanawo anafunsa mosatukula mutu ngati sitandadi yatheka.

"Yatsala dontho lomaliza, bwana," anatero a Dontho. "Mupeze wina akadontheze. Ine mzere sindikuuonanso."