Khadi la Keke la a Sakhalapansi

Munali m'nyengo yozizira ya chaka cha 1994, Lolemba pa 4 Julayi, pamene alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anayamba ntchito m'khitchini ya nyumba yogona atsikana ophunzira unamwino. Anali atayesapo ulonda, kupenta nyumba ndi kukonza njinga, koma palibe pamene anatha chaka. Ku khitchiniko anawalemba kuti azitsuka mapoto. Ine ndinauza mng'ono wanga kuti tiwapatse miyezi itatu.

Atsikana ndiwo anawapatsa dzina loti a Sakhalapansi. Tiyi ankamwa choimirira. Akaika poto pamoto, mumawapeza kumpopi akumanga paipi yodontha, kapena kugeti akutsutsana ndi wogulitsa kabichi, koma poto uja asanapserere anali atabwerera kale. Amati mphuno yawo ndiyo wotchi. Mkulu wophika amene anawapeza pamenepo anawaphunzitsa zonse, ndipo popuma ntchito mu 1999 anawasiyira khitchini ndi kabokosi ka makhadi olembapo miyezo ya chakudya cha anthu 24. Alamu sukulu analekezera m'kalasi lachinayi. Manambala athunthu ankawerenga bwino, koma akaona nambala ina itakwera pamwamba pa inzake, kamzere pakati, ankayang'ana kudenga. Miyezoyo anali nayo m'manja.

Pa 1 Sepitembala 2003 nyumba zina ziwiri zogona atsikana zinatsekedwa, atsikana onse nabwera kwa iwo. Anthu 24 anasanduka 72. Kunabweranso woyang'anira watsopano, namwino wamkulu amene aliyense ankamutcha a Metironi. Anali mayi wadongosolo, wozolowera kuti cholembedwa papepala chitsatidwe monga mmene amatsatira muyezo wa mankhwala. Anatenga kabokosi kaja, nachulukitsa khadi lililonse katatu, nalamula kuti wophika asapatuke ngakhale pang'ono.

Lamlungu pa 14 Sepitembala alamu anaphika keke motsatira khadi latsopano. Linati zitini zitatu, maola awiri. Iwo anadodoma, koma lamulo ndi lamulo. Pofuna kuti mphuno isawanyenge, anatuluka kukakonza chitseko cha sitolo. Pobwerera utsi unali utadzaza khonde lonse, ndipo m'zitinimo munali makala okhaokha. M'mawa mwake analandira kalata yowachenjeza. A Metironi anati munthu wosakhazikika ngati ameneyu ayenera kuti anakweza moto, kapena anapitirira maola awiri ali kuzungulira kunja. Anawonjezera kuti Loweruka pa 27, tsiku limene makolo adzabwere kudzaona ana awo, adzakhala m'khitchinimo okha ndi wotchi yawo. Keke ikadzapsereranso, kapena wophika akadzaphwanya za pakhadi, ntchito idzathera pomwepo.

Lachinayi pa 25 masana alamu anafika kwathu. Ndinawapatsa mpando, anangougwira kumsana.

“Alamu, inu munaphunzitsa masamu zaka makumi atatu,” anatero. “Tandionereni mapepala awa. Ndikatsatira ndichotsedwa, ndikapanda kutsatira ndichotsedwa. Kodi munthu alowere kuti?”

“Yambani mwalowera pampando.”

“Mpando ndikhalira ndikadzachotsedwa.”

Ndinaika makhadi awiriwo moyandikana patebulo, lakale ndi latsopano, ndipo ndinayamba kuchonga mzere ndi mzere monga ndinkachitira ndi makope a ana. Mazira atatu anakhala asanu ndi anayi. Kapu imodzi ya majarini inakhala makapu atatu. Masupuni aang'ono awiri a bekingipauda anakhala asanu ndi limodzi. Mkaka, makota atatu a kapu, unakhala makapu awiri ndi kota, ndipo pamenepo ndinawayamikira a Metironi mumtima. Koma pa ufa ndinaima. Khadi lakale linati makapu awiri ndi theka, latsopano linati asanu ndi imodzi ndi theka. Pa shuga chimodzimodzi: kapu imodzi ndi theka inasanduka makapu atatu ndi theka.

“Apa anachulukitsa nambala yathunthu yokha, theka anangolikopera,” ndinatero. “Matheka atatu ndi kapu imodzi ndi theka. Ufa ukhale makapu asanu ndi awiri ndi theka, shuga anayi ndi theka. Mukagawa zisanu ndi chimodzi ndi theka patatu, simubwerera pa ziwiri ndi theka.”

Alamu anali atafika kale pazenera. “Zogawagawazo ndi za kusukulu. Ndionetseni.”

Ndinatenga kapu, beseni ndi thumba la mpunga. Anathira makapu awiri ndi theka, katatu, kenaka anaubweza m'thumba akuwerenga mokweza. Atafika pa zisanu ndi ziwiri, m'beseni munatsala theka. Anaseka mpaka kutsokomola.

“Nchifukwa chake phala lija linali lamadzimadzi! Ine ndimati mazira akula.”

Ndinapitiriza mpaka mzere womaliza. Mphindi 40 kuchulukitsa katatu ndi mphindi 120, ndiwo maola awiri. Ndinachonga.

“Mwachongeranji?”

“Masamu ake ndi olondola.”

“Alamu, mukawiritsa dzira limodzi mumadikira mphindi zingati?”

“Khumi.”

“Nanga alendo akabwera, mukaika mazira atatu m'poto yemweyo, mumadikira theka la ola?”

Ndinavula magalasi. Zaka makumi atatu za choko, ndipo ndinagwidwa ndi munthu wotsuka mapoto. Iwo sanandisiyire pomwepo.

“Ndiye bwanji moto sanauchulukitse? Apa madigiri 180, apanso 180. Akanalemba 540 bwenzi titasungunula ndi zitini zomwe.”

Anandifotokozera akuyendayenda kuchoka pakhomo kufika pakabati. Chimene chimalamula nthawi si kuchuluka kwa keke, koma kuzama kwake, chifukwa moto umayenda kuchokera kunja kulowa pakati. Zitini zitatu zofanana ndi chakale chija, phala lofika pamzere womwewo, chilichonse chimapsa pa nthawi yake yomwe ija. Uvuni ikadzaza pamangowonjezekera mphindi zisanu kapena khumi, ndipo keke ikagwira pamwamba umasinthanitsa za pashelefu yapamwamba ndi yapansi. Ukathira phala lonse m'chitini chimodzi chozama, pamenepo nthawi imatalikadi, ndipo moto umautsitsa pang'ono kuti kunja kusapserere pakati pali paphala, koma ngakhale apo sutenga nthawi yakale n'kuichulukitsa katatu. Womaliza kuweruza ndi mpeni: ukaubaya pakati n'kutuluka wouma, yapsa.

Ndinafuna kuwalembera kalata yopita kwa a Metironi. Anakana.

“Akaona dzanja la aphunzitsi adzati ndakawaneneza kunja. Mayi aja salakwa papepala.”

“Ndiye muchita bwanji?”

“Sindikudziwa,” anatero, ali kale panja. Chipewa anachiiwala, mng'ono wanga anadzachitenga Lachisanu, nandiuza kuti bamboyo sakudya, akungozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

Za Lowerukalo ndinazimva kwa iwo eni, ndipo pambuyo pake kwa a Metironi omwe, moti ndikhulupirira kuti ndi zoona. A Metironi anafika 9 koloko m'mawa, nakhala pampando pafupi ndi sinki, wotchi ya unamwino ili pachifuwa. Anapeza mabeseni atatu ali ndandanda patebulo.

“Mabeseni atatu a chiyani?”

“Lalikulu lija likudontha, mayi. Ndiyeza kamodzikamodzi, za pakhadi lakale m'beseni lililonse. Si katatu komweko? Inu muziwerenga makapu, kuti ndisabe.”

A Metironi anawerenga. Ufa utafika pa makapu asanu ndi awiri ndi theka, anayang'ana khadi lawo. Shuga atafika pa anayi ndi theka, anatulutsa cholembera, nalemba kanthu m'mphepete. Alamu analimba mtima.

“Mayi, palinso nkhani ya nthawi.”

“Nthawi ndi maola awiri. Ufa ndavomera, koma musandiyese mwana. Chakudya chochuluka chimatenga nthawi yochuluka.”

Zitini zinalowa 10 koloko, ziwiri pamwamba, chimodzi pansi. Alamu anapukuta tebulo loyera kale. Anasanja masupuni, nawasanjulanso. Anagwira chitseko chotulukira panja, a Metironi anakhosomola, iwo anachisiya. Itakwana hafu pasiti teni anasinthanitsa zitini. Patapita mphindi 47 chilowere, fungo linawauza. Anatsegula uvuni, nabaya mpeni pakati pa keke iliyonse, ndipo unatuluka wouma. Anauonetsa kwa a Metironi.

“Bwezerani. Kwatsala ola ndi mphindi khumi ndi zitatu.”

Alamu anatulutsa zitini ziwiri, naziika patebulo, natseka uvuni chachitatu chili momwemo.

“Icho chatsalacho ndi chanu, mayi, chitsatira khadi. Ziwirizi ndi zanga. Chanu chikatuluka bwino 12 koloko, ine nditenga chipewa changa, simuvutika n'kulemba kalata.”

“Mwaphwanya lamulo ine ndikuona.”

“Ndaphwanya magawo awiri, mayi. Limodzi ndasunga.”

Anaima pafupi ndi uvuniyo manja ali kumbuyo, ndipo akuti m'moyo wawo wonse sanaimepo malo amodzi nthawi yaitali chotero. Cha m'ma 11 koloko fungo linasintha. Itadutsa ndi mphindi makumi awiri, kautsi kanayamba kutuluka m'mbali mwa chitseko. A Metironi anayang'ana wotchi, nayang'ana utsi.

“Tulutsani.”

“Kwatsala mphindi makumi anayi, mayi.”

“Ndati tulutsani, bambo inu!”

Inatuluka yakuda pamwamba ndi m'mbali, youma ngati njerwa. Nthawi yophika ina panalibe, chifukwa nyama ya nkhomaliro inkadikira uvuni yomweyo. Keke ziwiri anazidula tizidutswa 36 iliyonse kuti atsikana onse alaweko, ndipo makolo anamwa tiyi ndi buledi. Mtsikana wina anakweza kachidutswa kake nafunsa ngati a Sakhalapansi ayamba kudula keke ndi lezala.

A Metironi sanapepese, ndipo kalata yochenjeza ija sanaichotse m'faelo. Koma Lolemba pa 29 Sepitembala anabwera m'khitchini ndi kabokosi konse, nati awerenge limodzi khadi lililonse. Ntchitoyo inawatengera milungu itatu, mayiyo atakhala pansi ndi cholembera, alamu akuyankha kuchokera kusinki, kusitolo, nthawi zina pawindo ali panja. Pa makhadi a nyama ndi nyemba anagwirizana kuti poto wamkulu amachedwa kuwira, koma akawira chakudya chimafewa pa nthawi yake yakale, ndi kuti mchere uziyamba wochepa, wina n'kuwonjezera utalawa. Pa mzere wa nthawi wa khadi la keke a Metironi analemba okha kuti: mphindi 45 mpaka 50, yesani ndi mpeni.

Anagwira ntchito limodzi zaka zina zisanu ndi ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi, akukangana pafupifupi mlungu uliwonse. Mawondo atayamba kuwavuta, alamu anapempha okha kupuma. Anapereka makiyi a sitolo Lachinayi pa 30 Juni 2011.